Matumba Kumanzere, Mitengo Kumanja

Mwana aliyense wa kupulayimale amadziwa kuti 3 kuchulukitsa ndi 4 n'chimodzimodzi 4 kuchulukitsa ndi 3. Kaya ndi milu itatu ya matimati anayianayi, kaya ndi milu inayi ya matimati atatuatatu, m'dengu mumalowa matimati 12 basi. Lamulo limeneli limakhazikika m'mutu kwa zaka zambiri, mpaka tsiku lina kusekondale mphunzitsi alemba pabolodi timagulu tiwiri ta manambala totsekeredwa m'mabulaketi, n'kuchenjeza kuti pano zasintha. Kagulu kamene katsogola ndi kamene katsatira sitisinthanitsidwa mwachisawawa. Nthawi zina munthu akatisinthanitsa amapeza yankho lina, ndipo nthawi zina samuyo imakaniratu kuchitika.

Timagulu timeneti ndi matirikisi. Ophunzira amakumana nawo m'masamu okonzekera mayeso a MSCE, ndipo ambiri amene amalakwa mafunso ake sikuti amalephera kuchulukitsa kapena kuwonkhetsa. Manambala amawawerengera bwinobwino, koma amakhala atachulukitsa zinthu zosayenera kukumana. N'chifukwa chake pali mafunso awiri amene munthu ayenera kufunsa asanakhulupirire yankho lililonse. Kodi kukula kwa matirikisi awiriwa kukugwirizana? Nanga amene watsogolayu ndi woyeneradi kutsogola?

Matirikisi ndi tebulo la manambala chabe. Lili ndi mizere yogona, yochoka kumanzere kupita kumanja, komanso mizere yoima ngati mizati ya nyumba. Kuti pasakhale chisokonezo, yogonayo itchedwa mizere ndipo yoimayo itchedwa mizati. Kukula kwa matirikisi, kumene aphunzitsi m'kalasi amati oda, kumanenedwa ndi manambala awiri, ndipo nthawi zonse imayamba kutchulidwa ndi mizere. Matirikisi wa 2 × 3 ali ndi mizere iwiri ndi mizati itatu. Wa 3 × 2 ali ndi mizere itatu ndi mizati iwiri. Onse awiri ali ndi manambala asanu ndi limodzi, koma si amodzi, monga momwe thabwa logoneka limasiyanira ntchito ndi thabwa loimika.

Nkhaniyi imamveka msanga ikaikidwa pa matumba a mbewu. Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu ya alimi akufuna kuthandiza mamembala awiri, mayi wina ndi mlamu wake, kusankha kokagulitsa zokolola. Mayiyo ali ndi matumba 10 a chimanga, 4 a soya ndi 2 a mtedza. Mlamu wakeyo ali ndi matumba 6 a chimanga ndi 5 a mtedza, soya sanalime. Mlembi alemba tebulo loyamba, n'kulitcha `A`.

```
A        chimanga  soya  mtedza
mayi        10       4      2
mlamu        6       0      5
```

Ogula alipo awiri, venda wa pamsika ndi kopaletivu. Mitengo yawo pa thumba, imene pano yangopekedwa kuti masamu aoneke bwino, yalembedwa mu masauzande a makwacha, moti 30 akuimira K30,000. Tebulo limeneli ndi `B`.

```
B          venda  kopaletivu
chimanga     30       28
soya         50       55
mtedza       80       75
```

Mlembi asanachulukitse kanthu, ayambe walemba kukula kwa matebulo awiriwa moyandikana, mmene atsatizanira.

```
   A        B
(2 × 3)  (3 × 2)
```

Manambala awiri a pakati, amene agundana misana, ayenera kufanana. Pano ndi 3 ndi 3, choncho ntchito ingayambike. Manambala awiri a kunja, 2 wa kumayambiriro ndi 2 wa kumapeto, amanena kukula kwa yankho lisanapezeke n'komwe: lidzakhala la 2 × 2. Lamulo lonse ndi lomweli. Mizati ya matirikisi wa kumanzere ichuluke mofanana ndi mizere ya matirikisi wa kumanja, ndipo yankho limatenga mizere yake kwa wa kumanzere, mizati yake kwa wa kumanja.

Ophunzira ambiri amaloweza lamuloli ngati nyimbo, osadziwa kumene likuchokera, chikhalirecho chifukwa chake chili poyera. Kuti mlembi adziwe ndalama zimene mayi uja angapeze kwa venda, atenga mzere wa mayiyo n'kuuyendetsa pa mzati wa venda. Matumba 10 a chimanga pa mtengo wa 30 ndi 300. Matumba 4 a soya pa mtengo wa 50 ndi 200. Matumba 2 a mtedza pa mtengo wa 80 ndi 160. Akawonkhetsa apeza 660. Nambala iliyonse ya mumzere yapeza inzake mumzati, yoyamba ndi yoyamba, yachiwiri ndi yachiwiri, yachitatu ndi yachitatu. Mzati wa mitengo ukanakhala ndi manambala awiri okha, matumba a mtedza akanatsala opanda mtengo, ndipo palibe chimene mlembi akanalemba. Kufanana kwa manambala a pakati kukungotanthauza kuti mbewu iliyonse ili ndi mtengo wake.

Mzere wa mayi ukayendetsedwa pa mzati wa kopaletivu, 280 ndi 220 ndi 150 zipereka 650. Mzere wa mlamu kwa venda upereka 180, ziro ndi 400, zonse pamodzi 580. Kukopaletivu upereka 168, ziro ndi 375, zimene ndi 543.

```
AB       venda  kopaletivu
mayi      660      650
mlamu     580      543
```

Yankho latuluka la 2 × 2 monga zinanenedwera, ndipo likuwerengeka ngati chiganizo. Mayi akapita kwa venda alandira K660,000, akapita kukopaletivu K650,000. Chofunika kuchiona ndi chimene chachitikira mayina a m'mbali. Tebulo loyamba linali la alimi ndi mbewu. Lachiwiri linali la mbewu ndi ogula. Mbewu, zimene zinali pakati, zasowa m'yankho chifukwa zawonkhetsedwa, ndipo kwatsala alimi ndi ogula. Munthu akangopeza yankho lokhala ndi mizere itatu pa funso limeneli, safunika kuwerenganso nambala ngakhale imodzi kuti adziwe kuti walakwa. Alimi analipo awiri, wachitatuyo wachokera kuti?

Yankho la mizere itatu limeneli si nthano, limatulukadi, ndipo limatuluka pamene mitengo yatsogola, matumba n'kutsatira. Kukula kwake kumakhala (3 × 2) (2 × 3). Manambala a pakati ndi 2 ndi 2, afanana, choncho lamulo silikuletsa. Yankho likhala la 3 × 3, manambala asanu ndi anayi. Wophunzira wakhama angathe kuthera mphindi zingapo akuchulukitsa kokwana 18, m'malo mwa 12, osalakwitsa pena paliponse. Koma nambala ya kumapeto kwa mzere woyamba idzakhala 30 kuchulukitsa ndi 2, kuphatikiza 28 kuchulukitsa ndi 5, zimene ndi 200. Nambala imeneyi ndi mtengo wa chimanga wochulukitsidwa ndi matumba a mtedza. Palibe venda amene amagula mtedza pa mtengo wa chimanga, ndipo palibe funso la mlembi limene 200 ameneyu akuyankha.

Apa pakuoneka malire a lamulo la manambala a pakati. Awiri aja afanana mwangozi. Wina akuwerenga ogula, wina akuwerenga alimi. Chizolowezi chimene chimapulumutsa anthu ambiri ndicho kulemba mayina pamodzi ndi manambala: (alimi × mbewu) kuchulukitsa ndi (mbewu × ogula). Mayina a pakati akafanana, dongosolo lili bwino. Akakhala (mbewu × ogula) ndi (alimi × mbewu), pakati pagundana ogula ndi alimi, ndipo samuyo ndi yolakwika ngakhale manambala avomere. Chingakhale chanzeru aphunzitsi ataumirira chizolowezi chimenechi kuyambira tsiku loyamba, chifukwa mwana amene wazolowera kufunsa kuti mizereyi ikuimira chiyani sasochera ngakhale matebulo akule.

Kalabu ikalandira membala wachitatu, zinthu zimaonekeranso bwino. Tebulo la matumba likhala 3 × 3, la mitengo likhalabe 3 × 2. Matumba akatsogola, a pakati ndi 3 ndi 3, yankho ndi 3 × 2, ndiko kuti alimi atatu ndi ogula awiri. Mizere iwiri yakale siisintha, pangowonjezereka mzere wa mlendoyo. Mitengo ikatsogola, kukula kukhala (3 × 2) (3 × 3), a pakati ndi 2 ndi 3, ndipo samuyo ikana. Pa mayeso, yankho lolondola pa funso lotere ndi kunena kuti kuchulukitsaku sikutheka n'kupereka chifukwa chake. Ophunzira ena amachita mantha kusiya malo opanda manambala, ndiye amawonjezera ziro kapena kutaya nambala imodzi kuti zinthu zikwanirane. Kutero n'kusintha funso.

Palinso kukana kwina kumene kumachitika kawirikawiri kuofesi kuposa m'kalasi. Munthu wotolera mitengo sadziwa kuti mlembi akufuna tebulo loima motani, ndiye amalemba monga zamukomera: mzere wa venda, pansi pake mzere wa kopaletivu, mbewu zili pamwamba. Tebulo limenelo ndi la 2 × 3. Mlembi akaliika pambali pa tebulo lake apeza (2 × 3) (2 × 3), a pakati 3 ndi 2, osagwirizana. Mitengo ndi yolondola, matumba ndi olondola, koma tebulo lagona pamene limayenera kuima. Mankhwala ake ndi kulitembenuza kuti mizere isanduke mizati, zimene m'kalasi amati kuchita thiransipozi. Tebulo likatembenuzidwa, mzere wa venda usanduka mzati wa venda, ndipo zonse zibwerera mwakale.

Misampha yonseyi ili ndi ubwino umodzi: imadziulula. Yankho limatuluka ndi kukula kolakwika, kapena silituluka n'komwe. Msampha woopsa ndi wa matirikisi amene mizere ndi mizati zili zofanana kuchuluka, monga 2 × 2, ndipo otere ndiwo amadzaza mabuku a kusekondale. Kwa iwowa lamulo la manambala a pakati limavomera chilichonse.

Tiyerekeze kuti alimi awiri aja asunga mtedza wawo podikira mitengo, ndipo akugulitsa chimanga ndi soya basi. Matebulo onse awiri akhala a 2 × 2.

```
A = | 10   4 |     B = | 30  28 |
    |  6   0 |         | 50  55 |

AB = | 500  500 |    BA = | 468  120 |
     | 180  168 |         | 830  200 |
```

Mayankho onse awiri ndi a 2 × 2, onse ndi aukhondo, ndipo onse awerengedwa molondola. Poyang'ana maonekedwe okha munthu sangadziwe loona. Koma mlembi amene akudziwa alimi ake aima pa 830. Mzere wachiwiri uyenera kukhala wa mlamu, amene ali ndi matumba 6 okha a chimanga. Pa K30,000 thumba, sangapitirire K180,000. Nanga K830,000 ayitenga kuti? Nambala imodzi yokhayo ndi yokwana kutaya tebulo lonse la `BA`. Njira imeneyi ndi yachidule komanso yodalirika: kusankha nambala imodzi m'yankho, makamaka ya munthu kapena chinthu chimene nkhani yake ndi yosavuta, n'kuiwerengera pamanja monga momwe wogulitsa pamsika angachitire, osaganizako za matirikisi. Ikagwirizana ndi tebulo, dongosolo lili bwino.

Nambala yoyesera isankhidwe mosamala. Pali chinthu china chodabwitsa pa matebulo awiri ali pamwambawa. Manambala a pamzere wopendekera, wochoka pamwamba kumanzere kutsikira pansi kumanja, akawonkhetsedwa amapereka zofanana: 500 ndi 168 ndi 668, ndipo 468 ndi 200 ndi 668. Si ngozi. Nthawi zonse pamene `AB` ndi `BA` atheka, kuwonkhetsa kumeneku kumafanana. Detaminanti, nambala ija ophunzira amaipeza pochulukitsa mopingasa n'kuchotsera, imachitanso chimodzimodzi pa matirikisi a mbali zofanana: ya `AB` ndi ya `BA` sizisiyana. Choncho wophunzira amene ayesa yankho lake ndi detaminanti n'kupeza kuti zagwirizana watsimikiza kuchulukitsa kwake, koma sanatsimikize kuti woyenera kutsogola ndiye watsogola.

Kulakwa kwina kumene matirikisi a 2 × 2 amakubisa ndi kuchulukitsa nambala iliyonse ndi inzake ya pamalo omwewo, monga mmene zimakhalira powonkhetsa matirikisi. Wophunzira amachita 10 ndi 30, 4 ndi 28, 6 ndi 50, ziro ndi 55, n'kupeza 300, 112, 300 ndi ziro. Kukula kwa yankho ndi koyenera, 2 × 2. Koma ziro wa kumapetoyo akunena kuti mlamu akatengera matumba 6 a chimanga kukopaletivu abwerako chimanjamanja. Ziro amene wangosamuka kuchoka m'funso n'kukakhala pamalo omwewo m'yankho ndi chizindikiro choyenera kuchikayikira.

Munthu angafunse kuti n'chifukwa chiyani akatswiri anakonza kuchulukitsa kovuta chonchi, kumene sikulola kusinthanitsa. Yankho lili pa chimene matirikisi anapangidwira. Dzina lakuti matirikisi analiyambitsa ndi James Joseph Sylvester wa ku England mu 1850, potenga liwu la Chilatini. Mnzake Arthur Cayley, amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ya uloya ku London n'kumachita masamu pambali, ndiye anafotokoza malamulo ake mwadongosolo m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1858. Kwa Cayley matirikisi sanali tebulo longosungamo manambala. Anali ntchito imene imasintha manambala ena kukhala ena, ndipo kuchulukitsa matirikisi awiri kunali kuchita ntchito imodzi kenako inzake. Iye mwini analemba kuti nthawi zambiri dongosolo la awiriwo silingasinthidwe.

Ntchito ziwiri zikatsatizana, choyamba ndi chiti ndi nkhani yaikulu, ndipo mayi aliyense wodziwa mtondo amazidziwa. Chimanga amayamba wakonola kenako n'kupeta, gaga n'kuchoka, mphale n'kutsala. Akayamba wapeta kenako n'kukonola, ntchito ziwiri zomwezo zachitika, koma gaga akadali momwemo.

Pa pepala la magalafu zimaoneka ndi maso. Pali matirikisi `R` amene amazungulitsa kadontho ndi madigiri 90 mobwerera kumanzere, motsutsana ndi kayendedwe ka wotchi. Palinso `F` amene amagadabuza kadontho, ka pamwamba pa mzere wogona wa galafu n'kupita pansi pake, ngati chithunzithunzi cha m'madzi.

```
R = | 0  -1 |     F = | 1   0 |
    | 1   0 |         | 0  -1 |
```

Kadontho ka pa (2, 1) kakayamba kazungulitsidwa kamafika pa (-1, 2), ndipo kakagadabuzidwa kamathera pa (-1, -2). Kakayamba kagadabuzidwa kamafika pa (2, -1), ndipo kakazungulitsidwa kamathera pa (1, 2). Malo awiriwa ali mbali zotsutsana za galafu. Chimene chimagwetsa ambiri ndi kalembedwe. Kadontho kamalembedwa ngati mzati wa 2 × 1 kumapeto kwenikweni kumanja, ndipo matirikisi amene ali pafupi nako ndiye amayamba kugwira ntchito. Choncho mawu akuti zungulitsa kenako gadabuza amalembedwa `FR`, osati `RF`. Diso lozolowera kuwerenga kuchoka kumanzere limafuna kuika `R` patsogolo chifukwa ndiye watchulidwa poyamba, ndipo kukula kwa matirikisi sikungachenjeze chifukwa onse ndi 2 × 2. Woyesa bwino amatenga kadontho kamodzi, monga ka (2, 1) kaja, n'kukayendetsa pa galafu ndi pensulo sitepe ndi sitepe, kenako n'kuona ngati matirikisi wa yankho akukafikitsa pamalo omwewo. `FR` ali ndi ziro ndi -1 pamzere woyamba, -1 ndi ziro pamzere wachiwiri, ndipo amatumizadi (2, 1) ku (-1, -2).

Kusasinthika kumeneku kunadzidzimutsa ngakhale akatswiri. Mu 1925, Werner Heisenberg wa ku Germany, ali ndi zaka 23, anapita ku chilumba cha Helgoland pothawa chimfine chobwera ndi mungu wa maluwa, ndipo ali komweko anakonza njira yatsopano yowerengera zochitika mkati mwa atomu. Njirayo inkagwiritsa ntchito matebulo a manambala, ndipo chinamuvutitsa maganizo n'chakuti tebulo loyamba kuchulukitsa ndi lachiwiri sizinkafanana ndi lachiwiri kuchulukitsa ndi loyamba. Heisenberg sankawadziwa bwino matirikisi. Mkulu wake ku yunivesite ya Göttingen, Max Born, ndiye anazindikira kuti lamulo lachilendolo ndi kuchulukitsa kwa matirikisi kumene iye anaphunzira ali wophunzira ku Breslau. Chaka chomwecho Born ndi Pascual Jordan anailemba njirayo m'chinenero cha matirikisi, ndipo kusiyana kwa `AB` ndi `BA`, kumene poyamba kunkaoneka ngati chilema, kunakhala phata la sayansi yatsopanoyo.

M'kalasi, malo ena amene dongosolo limaluma ndi pothetsa ma ikwezhoni awiri nthawi imodzi. Funso limalembedwa `AX = C`, pamene `A` ndi 2 × 2, ndipo `X` ndi `C` ndi mizati ya 2 × 1. Kuti `X` atsale yekha, mbali zonse ziwiri zimachulukitsidwa ndi invesi ya `A`, matirikisi amene amafafaniza ntchito ya `A`. Popeza `A` ali kumanzere kwa `X`, invesiyo iyenera kulowera kumanzere, ndipo kutsidya kwa chizindikiro cha kufanana ilowerenso kumanzere: `X = A⁻¹C`. Wophunzira wozolowera manambala wamba amalemba `CA⁻¹` osaona vuto. Apa lamulo la kukula limamugwira nthawi yomweyo, chifukwa (2 × 1) (2 × 2) ili ndi 1 ndi 2 pakati. Masekondi ochepa olemba timanambala tinayi pansi pa zilembo akanamupulumutsa.

Masiku ano alembi ambiri amagwiritsa ntchito kompyuta, ndipo ena amaganiza kuti makina amachotsa nkhawa zonsezi. Amachotsako theka. Mu Excel muli lamulo la `MMULT`, limene limalandira matebulo awiri, wa kumanzere poyamba.

```
=MMULT(B2:D3, G2:H4)
```

Mizati ya tebulo loyamba ikapanda kufanana ndi mizere ya lachiwiri, Excel amalemba `#VALUE!` ndipo mlembi amadziwa kuti china chake chagona molakwika. Koma akawasinthanitsa matebulo amene kukula kwawo kukuloleza, makina amawerengera mwachangu n'kupereka 468, 120, 830 ndi 200 popanda chenjezo lililonse, chifukwa sadziwa kuti mzere wachiwiri ndi munthu wa matumba 6. Olemba mapulogalamu mu Python ndi NumPy ali ndi msampha winanso. Chizindikiro cha `@` ndicho chimachulukitsa matirikisi, pamene `*` chimachulukitsa nambala ndi inzake ya pamalo omwewo, kulakwa kuja kwa 300, 112, 300 ndi ziro. Pa matirikisi a mbali zofanana zonse ziwiri zimayenda popanda kudandaula.

Kukula kukagwirizana, mayina a pakati n'kufanana, patsalabe funso lakuti manambala enieniwo awerengedwa bwino kapena ayi. Munthu angalembe 534 m'malo mwa 543, ndipo mayeso awiri aja sangaone kanthu. Pali njira yachidule imene osunga mabuku a ndalama amaidziwa kale: kuwonkhetsa mbali ziwiri n'kuona ngati zikumana. Mlembi awonkhetse matumba a alimi onse, mbewu ndi mbewu. Pa tebulo loyamba lija chimanga ndi matumba 16, soya 4, mtedza 7. Katundu yenseyo akagulitsidwa kwa venda, 480 ndi 200 ndi 560 zipereka 1,240. Mzati wa venda m'yankho uli ndi 660 ndi 580, zimene ndi 1,240. Zakumana. Kukopaletivu 448 ndi 220 ndi 525 zipereka 1,193, ndipo 650 ndi 543 ndi 1,193. Zikanakhala kuti analemba 534, mzatiwo ukanapereka 1,184, ndipo kusiyana kwa 9 kukanamulozera mzati umene muli vuto.

Kuwonkhetsa kumeneku nakonso ndi kuchulukitsa matirikisi, ndipo kumamvera malamulo omwewo. Ndi kuika mzere wa (1 1), wa kukula 1 × 2, kumanzere kwa zonse. Unyolo wake ndi (1 × 2) (2 × 3) (3 × 2). Malo onse awiri olumikizira agwirizana, 2 ndi 2, kenako 3 ndi 3, ndipo yankho ndi 1 × 2, nambala imodzi kwa wogula aliyense. Pa unyolo wotere munthu ali ndi ufulu woyamba kuchulukitsa awiri oyamba kapena awiri omaliza, yankho limakhala lomwelo, ndipo n'chifukwa chake mbali ziwiri zija zikumana. Chimene alibe ufulu nacho ndi kusuntha matirikisi pamalo pake. Ma 1 awiriwo akaimikidwa ngati mzati wa 2 × 1 n'kuikidwa kumanja, kukula kuvomerabe, koma tsopano awonkhetsa ogula m'malo mwa alimi. Mzere wa mayi upereka 660 kuphatikiza 650, zimene ndi 1,310, ngati kuti matumba omwewo awagulitsa kawiri, kwa venda ndi kukopaletivu.

Ndi mzere wa (1 1) uli kumanzere kumene uyenera kukhala, mlembi angauze alimi ake kuti akagulitsa zonse kwa venda apeza K1,240,000, ndipo kukopaletivu K1,193,000, kusiyana K47,000. Zambiri za kusiyanako, K37,000, zili pamzere wa mlamu, chifukwa iye alibe soya, mbewu yokhayo imene kopaletivu ikugula pa mtengo wokwera kuposa venda.